Mawu otsanzika a mphunzitsi wopuma pantchito: kunena zoona popanda kuliritsa anthu

Funso: "Ndine mphunzitsi wamkazi wa kupulayimale m'boma la Nsanje, ndipo ndikupuma pantchito kumapeto kwa teremu yachitatu. Ahedi andiuza kuti ndidzayankhule tsiku lotsekera sukulu pamaso pa ana, aphunzitsi anzanga, makolo ndi mafumu. Ndikufuna kunena zochokera pansi pa mtima, koma zonse zimene ndalemba zikumveka ngati mawu a pamaliro. Ndilembe bwanji?"

Yankho:

Amayi aphunzitsi, mawu otsanzika amayamba kumveka ngati a pamaliro pamene woyankhula akufotokoza za mtima wake m'malo mofotokoza za ntchito imene wagwira ndi anthu amene wagwira nawo. Munthu akanena kuti mtima wake wasweka, kuti misozi ikulengeza m'maso, kapena kuti sakudziwa ngati adzaonananso ndi omvera, amakhala akuwauza mmene ayenera kumvera, ndipo anthu athu, amene anazolowera kumva mawu otere pasiwa, amayankha monga amayankhira pasiwa. Koma akatchula chinthu chimodzi chenicheni chimene chinachitika pasukulupo, tsiku lake ndi anthu ake, omvera amakhudzidwa okha popanda kukakamizidwa, chifukwa ambiri a iwo analipo ndipo akuchikumbukira. Pali njira yosavuta yoyesera chiganizo chilichonse chimene mwalemba. Dzifunseni ngati mphunzitsi wina wa ku Karonga kapena ku Mchinji, amene sanafikepo pasukulu yanu, angathe kuchinena osasintha kanthu. Ngati angathe, chiganizocho sichikunena za inu, ndipo muyenera kuchichotsa kapena kuchisandutsa nkhani ya chinthu chimene chinachitikadi.

Ndikufotokozereni za mnzanga wina amene ndinamuthandiza kukonza mawu ake, chifukwa vuto lake linali ngati lanuli. Iye analowa ntchito mu 1994, chaka chimene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo ana anadzaza m'masukulu kuposa makalasi ndi aphunzitsi amene analipo. Anali mmodzi wa anthu ambiri amene boma linawalemba asanapite kukoleji ya aphunzitsi, ndipo maphunziro auphunzitsi anadzawachita ali kale pantchito. Zaka zake zambiri anazithera pasukulu ina ya kutsidya kwa Shire, kudera limene madzi a Shire ndi a Ruo amasefukira nthawi ndi nthawi. Atandionetsa zimene analemba poyamba, zinali masamba asanu a kope, ndipo zinayamba motere: "Lero ndi tsiku lachisoni chachikulu pamoyo wanga, chifukwa ndikusiyana ndi ana anga okondedwa amene ndawakonda ndi mtima wanga wonse." M'masamba asanu onsewo munalibe kalasi imene anatchula, munalibe chaka, ndiponso munalibe ntchito ya munthu wina aliyense. Ndinamupempha kuti aike kopelo pambali andiuze pakamwa zinthu zitatu zimene sadzaziiwala za sukuluyo, ndipo zimene anandiuza m'mphindi khumi zokha ndi zimene zinadzakhala mawu ake.

Tisanafike pa zimene ananena, pali nkhani ya nthawi, imene ambiri amaipeputsa. Tsiku lotsekera sukulu ana amakhala atakhala pansi kuyambira m'mawa, ndipo chimene akudikira ndi zotsatira za mayeso awo. Ngakhale mu Julayi, pamene kuno kuchigwa kumakhala kozizirirako poyerekeza ndi Okutobala, dzuwa la m'ma 11 koloko limatopetsa mwana wa sitandade 1 amene mthunzi wa mtengo wamuthawa. Inu simudzayankhula nokha, pakuti padzakhala ahedi, wapampando wa komiti ya sukulu, alangizi a maphunziro a m'zoni ndiponso amfumu. M'kuona kwanga, mphindi zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu n'zokwanira, ndipo polemba pamanja amakhala masamba awiri kapena awiri ndi theka a kope. Muwerenge mokweza kunyumba muli ndi wotchi, chifukwa kuwerenga chamumtima kumanamiza: pagulu munthu amayankhula pang'onopang'ono, amaima anthu akamaomba m'manja, ndipo zimene zinatenga mphindi zisanu m'chipinda zimafika khumi pabwalo.

Malonje a akuluakulu musawadumphe, ndipo muwatchule motsata ndondomeko imene woyendetsa mwambo wagwiritsa ntchito tsikulo, kuti pasakhale wina woona ngati mwamutsitsa. Funsani ahedi m'mawa kuti ndani wabweradi, chifukwa kutchula a Gulupu amene sanabwere n'kuiwala a Nyakwawa amene akhala patsogolo panu ndi cholakwa chimene chimakumbukiridwa kuposa mawu onse abwino. Izi zithe m'theka la mphindi.

Mukatha malonje, tembenukirani kwa ana choyamba. Ambiri amawasiyira kumapeto, pamene ana atopa kale ndipo ayamba kuseweretsa mchenga, koma ndi iwo amene mwawagwirira ntchito zaka zonsezi, ndipo akuluakulu sadandaula kudikira pamene mphunzitsi akuyankhula ndi ana awo. Apa m'pamene chiyeso choliritsa anthu chimakula kwambiri, choncho samalani. Mwana wamng'ono akamva kuti aphunzitsi akupita ndipo sadzawaonanso, amachita mantha enieni, chifukwa satha kusiyanitsa kupuma pantchito ndi kutayika. Muuzeni zoona zake momveka: kuti mwafika zaka 60 zimene ogwira ntchito m'boma amapumira, kuti simukudwala ndipo simunakwiye ndi aliyense, kumene mukukakhala, ndiponso kuti teremu ikubwerayi adzapeza mphunzitsi wina m'kalasi mwawo. Ngati ahedi asankha kale wolowa m'malo mwanu ndipo avomereza kuti mumutchule, muimitseni pamaso pa ana, chifukwa zimenezi zimamuthandiza kwambiri sukulu ikadzatsegulidwa. Mnzanga uja anawauza ana motere:

"Ana inu, ine ndakula, ndipo lamulo likuti munthu akafika zaka zanga apume. Sindikupita kutali. Ndikakhala kumudzi kwathu, ndikalima mapira ndi thonje, ndipo tsiku la msika mudzandiona. Mukadzandiona musadzandithawe, mudzabwere mudzandiuze kalasi imene mwafika. Pamene ndinayamba kuphunzitsa sitandade 1 pasukulu ino, tinkakhala pansi pa mtengo wa nimu uli kuseri kwa ofesiwo, ndipo popeza makope anali ochepa, ana ankalemba a, e, i, o, u ndi chala pamchenga. Ena mwa ana amenewo ndi makolo anu, ndipo akhala apo. Mukafika kunyumba muwafunse. Ndikupempheni chinthu chimodzi chokha: madzi akabwera, sukulu ikatsekedwa, tsiku limene yatsegulidwa mubwerere. Amene ndinawataya m'zaka zonsezi sanali ana opanda nzeru, koma anali ana amene madzi ataphwa sanabwererenso m'kalasi."

Muone kuti sananene ngakhale kamodzi kuti amawakonda anawo, komabe palibe amene anachoka pabwalopo akukayika za chikondi chake. Muonenso kuti anapempha chinthu chimodzi. Ife aphunzitsi tili ndi chizolowezi chosandutsa mpata uliwonse kukhala phunziro, ndipo potsanzika timafuna kunena za ulemu, ukhondo, kulimbikira, maukwati a ana, mowa ndi mafoni nthawi imodzi. Ana amamva malangizo amenewa paasembule sabata iliyonse, ndipo akachuluka saatolapo n'limodzi lomwe. Sankhani pempho limodzi limene likuchokera pa zimene inu mwaona pasukulu yanuyo. Kwa iye linali kubwerera kusukulu madzi akaphwa. Kwa inu lingakhale lokhudza atsikana amene amasowa akafika sitandade 6 ndi 7, kapena anyamata amene amajomba nyengo yokolola thonje ndi yopha nsomba kudambo, malinga ndi zimene kaundula wanu wakhala akukuonetsani.

Tsopano tifike kwa aphunzitsi anzanu, ndipo pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi gawo limene limalakwika kawirikawiri. Mawu akuti "ndikuthokoza aphunzitsi nonse chifukwa cha mgwirizano wathu" salakwira munthu, koma sakhudzanso munthu. Kuthokoza kumakhala ndi mphamvu pamene mwatchula munthu pamodzi ndi chimene anachita. Vuto lake ndi lakuti mukatchula ena n'kusiya ena, osiyidwawo amapwetekedwa, ndipo inu mukachoka iwo amatsala m'chipinda chimodzi cha aphunzitsi ndi amene mwawayamikira. Lamulo limene ndimalangiza ndi ili: ngati aphunzitsi pasukulu panu sapitirira khumi kapena khumi ndi awiri, atchuleni onse, aliyense ndi chiganizo chimodzi chachifupi. Ngati ndi ochuluka kuposa pamenepo, tchulani zochitika ziwiri kapena zitatu zimene ambiri anagwirapo ntchito, ndipo nenani poyera kuti simukutchula maina chifukwa cha nthawi, kenako aliyense mukamuthokoze payekha sabata yomweyo. Chimene simuyenera kuchita ndi kutchula anzanu apamtima anayi pakati pa aphunzitsi makumi awiri.

Mnzanga uja anasankha nkhani ya Januwale 2015, pamene madzi osefukira anawononga kwambiri maboma a Nsanje ndi Chikwawa. Madzi analowa m'makalasi ndi mu ofesi, ndipo mabuku a kaundula ananyowa mpaka inki inafufutika. Ananena kuti: "Madzi ataphwa, tinapeza kuti sitikudziwanso bwinobwino ana amene tinali nawo. Aphunzitsi a sitandade 4 anakhala pansi ndi kope latsopano n'kulemba maina a kalasi yawo yonse kuchokera m'mutu, ndipo enafe tinatengera chitsanzo chawo. Achiwiri kwa ahedi anayenda wapansi m'misasa ya anthu othawa madzi kufunsa ana athu mmodzimmodzi. Amayi a gulu la amayi anakolopa matope m'makalasi asanu ndi limodzi ndi zitsulo za kunyumba kwawo. Ine ndinaphunzira uphunzitsi kukoleji, koma zimene ndinaona sabata imeneyo sindinaziphunzire kumeneko." Anatchulanso alonda amene anagona pasukulu kuteteza mabenchi otsala, ndiponso amayi ophika phala. Anthu amenewa satchulidwa kawirikawiri pamisonkhano, ndipo ndikhulupirira kuti mphunzitsi amene wakhala nawo zaka zambiri ali ndi ngongole yowatchula pamaso pa mafumu ndi alangizi.

Nkhani ya madzi imafuna kusamala kwina. Kuchigwa kuno palibe mphunzitsi wa zaka zambiri amene angafotokoze ntchito yake osatchula 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 kapena wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo masukulu ambiri anasanduka misasa yosungira anthu. Koma pagulu lanu padzakhala mabanja amene anataya nyumba, ziweto, ngakhalenso abale. Fotokozani zimene anthu anachita kuti sukulu iyambirenso, osati kuopsa kwa usiku umene madzi anabwera, pakuti zimenezo akuzidziwa kuposa mmene mungazinenere. Ngati pali ophunzira kapena aphunzitsi anzanu amene anamwalira m'zaka zanu ndipo mukuona kuti simungachoke osawakumbukira, pitani kwa achibale awo tsiku lisanafike mukapemphe chilolezo, ndipo patsikulo mungotchula maina awo m'chiganizo chimodzi, muime pang'ono, kenako mupitirize. Kufotokoza matenda awo kapena mmene anafera kumasandutsa mwambo wa sukulu kukhala maliro achiwiri, ndipo banja limanyamula katunduyo kubwerera naye kunyumba.

Pali mwambo wathu wopepesa potsanzika, ndipo ndi wabwino. Komabe mawu ozolowereka akuti "ngati ndinalakwira wina aliyense andikhululukire" afika pomveka ngati malonje chabe, makamaka chifukwa cha liwu lakuti "ngati". Munthu amene waphunzitsa zaka makumi atatu akudziwa kuti analakwitsapo, ndipo akudziwanso mtundu wa zolakwa zake. Mnzanga uja ananena kuti m'zaka zake zoyambirira ankagwiritsa ntchito chikwapu monga ambiri ankachitira nthawi imeneyo, kuti ana ena anawalanga chifukwa chochedwa asanafunse kuti achokera kutali bwanji kapena awoloka madzi otani, ndipo kwa iwo amene tsopano ndi akuluakulu akupepesa. Sanaonjezere chifukwa chodzikhululukira, ndipo sanatchule dzina la munthu. Ndikuganiza kuti chiganizo chimenecho ndi chimene chinachititsa kuti anthu akhulupirire mawu ena onse amene ananena. Koma ngati pali mkangano weniweni pakati pa inu ndi mphunzitsi mnzanu, umenewo musautengere pabwalo ngakhale mwa njira yopepesa, chifukwa aliyense adzadziwa amene mukunena, ndipo iye sadzakhala ndi mpata woyankha. Muuthetse awiri musanafike tsikulo.

Chimodzimodzinso madandaulo a kukwezedwa pantchito kumene kunachedwa, nyumba ya aphunzitsi yodontha, kapena nkhawa ya penshoni. Ndikudziwa kuti kwa ambiri zimenezi ndi zoona ndipo zimapweteka, ndiponso kuti tsikuli limaoneka ngati mpata wotsiriza wonena pamaso pa akuluakulu. Koma ana sangachitepo kanthu, ndipo chimene adzatenge n'chakuti uphunzitsi ndi ntchito yomvetsa chisoni. Ngati mukufuna kusiya pempho kwa alangizi ndi mafumu, likhale limodzi, lokhudza amene akutsala, komanso lotheka, monga denga la kalasi ya sitandade 2 kapena malo okwera osungirako mabuku nyengo ya mvula. Nkhani za inu mwini zili ndi njira yake ya makalata ndi maofesi.

Za chiyankhulo, musadzikakamize kuyankhula Chingerezi chifukwa choti pali akuluakulu, pakuti akuluakuluwo amamva Chichewa ndipo makolo ambiri ndi ana ang'ono sadzamva Chingerezicho. Ngati sukulu yanu ili pakati pa anthu oyankhula Chisena ndipo inu mumachiyankhula tsiku ndi tsiku, gawo lothokoza makolo ndi mafumu mungalinene m'Chisena. Ngakhale munachokera kumtunda ndipo Chisena chanu ndi chochepa, liwu lakuti "takhuta" lonenedwa molunjika kwa makolo lidzalandiridwa bwino. Kumene Chimang'anja ndicho chofala, yankhulani monga mumayankhulira ndi makolo akabwera kudzafunsa za ana awo. Miyambi ndi mavesi musachulutse. Umodzi wokwanira bwino pankhani yanu ndi wothandiza, koma ikafika itatu imayamba kulowa m'malo mwa zimene inuyo munafuna kunena.

Mwina mukuopanso kuti mudzalira. Kulira pakokha sikuwononga mawu otsanzika, ndipo palibe amene adzakudabweni. Chimene chimawononga ndi mawu olembedwa ndi cholinga choti ena alire. Powerenga kunyumba mudzazindikira malo amene mawu anu amanjenjemera, ndipo kawirikawiri amakhala amodzi kapena awiri okha. Werengani malowo mokweza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pamasiku osiyana, pamaso pa munthu wa m'banja mwanu, kufikira pakamwa patazolowera. Pamalo amenewo ziganizo zikhale zazifupi, chifukwa chiganizo chachitali chimafuna mpweya umene munthu wogwidwa ndi chisoni sakhala nawo. Patsikulo mukamva kukhosi kukutsekeka, imani, yang'anani pepala lanu, pumani kawiri, ndipo pitirizani ndi chiganizo chotsatira osapepesa. Musayang'ane munthu amene mukudziwa kuti akulira. Lembani ndi zilembo zikuluzikulu ndipo mudumphe mzere umodzi pakati pa mizere, kuti maso akachita chidima musataye malo. Ena amaloweza mawu onse pamtima, koma ine sindilangiza zimenezo, chifukwa woloweza akaiwala chiganizo chimodzi amabwerera ku mawu ozolowereka aja a chisoni.

Mathero akhale achidule, ndipo muwalembe liwu ndi liwu, pakuti ambiri amalephera kutsiriza ndipo amati "pomaliza" katatu. Mnzanga uja anatsiriza pouza ahedi kuti makiyi a kabati, kaundula wa kalasi yake ndi ndondomeko za maphunziro wazisiya mu ofesi, ndiponso kuti m'kaundulamo waika chizindikiro pa maina a ana asanu ndi awiri amene sanayambe kuwerenga bwino, kuti wolowa m'malo mwake adzayambire pamenepo. Kenako anati, "Makolo, munandibwereka ana anu zaka zonsezi, ndipo lero ndikuwapereka m'manja mwa aphunzitsi awa. Zikomo kwambiri, takhuta." Anakhala pansi pasanathe mphindi zisanu ndi zitatu.

Inuyo madzulo ano ikani pambali zimene mwalemba kale, tengani tsamba latsopano, ndipo lembani zinthu zitatu zimene zinachitika pasukulu panu ndi zaka zake, maina a anthu onse ogwira ntchito pamenepo kuphatikizapo alonda ndi ophika phala, pempho limodzi kwa ana, ndi cholakwa chimodzi chimene mukuchivomereza. Mukatero mubwerere ku masamba akale aja, mutengemo ziganizo zokhazo zimene mphunzitsi wa kwina sangathe kuzinena.